Fulashi ya 32 GB ili ndi malo koma ikukana vidiyo ya ukwati ya 9.3 GB

aMbewe (Chinamwali):
Moni nonse pagulu pano. Ndithandizeni abale, ndapanikizika. Loweruka lapitali ndinajambula ukwati, ndipo usiku wathawu ndamaliza kukonza vidiyo yake. Yatuluka ya ola limodzi ndi mphindi 40, kukula kwake 9.3 GB. Eni ukwati anandipatsa fulashi yawo yatsopano ya 32 GB, ndaimatula ndekha m'pepala mwake. Nditaiika pa laputopu inaonetsa malo a 28.8 GB. Foda ya zithunzi, ya 6 GB yathunthu, yalowa bwinobwino popanda chovuta. Koma ndikakokera vidiyoyo siyamba n'komwe kulowa, pamangotuluka uthenga uwu:

```
The file 'ukwati.mp4' is too large for the destination file system.
```

Malo otsala ndi 22.8 GB, vidiyo ndi 9.3 GB. Ikukula bwanji? Ndayesa mabowo onse atatu a laputopu, ndazimitsa n'kuyatsanso, chimodzimodzi. Mkwati akubwera mawa masana kudzatenga, akuti akufuna akaonetse agogo ake ku Jali Lamlungu.

aBanda:
Achimwene, fulashi imeneyo ndi yachinyengo. Zadzadza m'misikamu masiku ano, pamwamba alemba 32 GB koma m'kati muli 8 GB yokha. Ine zinandichitikira chaka chatha, nyimbo zanga zonse zinaonongeka. Auzeni eni akewo abweze kumene anagula.

Nachisale:
Pepani aMbewe. Inenso foni yanga imandiuza kuti malo atha pomwe ndafufuta zithunzi zambirimbiri. Mwana wanga anandionetsa kuti ndizifufutanso mavidiyo a pa WhatsApp amene amabisala m'kati. Mwina inunso fufutani zina mu laputopumo, iziyenda mopepuka.

aMbewe (Chinamwali):
Zikomo amayi, koma laputopu ili ndi malo ambiri, vuto lili pa fulashi. ABanda, mwandiopsa. Ndidziwa bwanji ngati ili yachinyengo?

aNkhoma (Limbe):
AMbewe, musathamangire kubweza fulashi. Uthenga mwalembawo wanena kale pamene pali vuto, kungoti tikaona mawu akuti too large maganizo amathamangira ku malo. Werengani mawu awiri omalizawo: file system. Kompyuta sikunena kuti fulashi yadzadza, ikunena kuti kalembedwe kamene fulashiyo imasungira mafayilo sikangalandire fayilo yaikulu chonchi.

Chitani ichi mutiuze. Tsegulani This PC, dinani fulashiyo ndi batani la kumanja, sankhani Properties. Pamwamba pang'ono pali mzere wolembedwa File system. Palembedwa chiyani?

aMbewe (Chinamwali):
Palembedwa FAT32, akulu.

aNkhoma (Limbe):
Basi, ndi pomwepo. Fulashi yanu ilibe matenda. FAT32 silola fayilo imodzi kufika 4 GB, ngakhale fulashi ikhale yopanda kanthu. Malire ake enieni ndi mabayiti 4,294,967,295, kutanthauza 4 GB kuchotsapo bayiti imodzi. Malirewa ndi a fayilo iliyonse payokha, osati a katundu yense pamodzi. N'chifukwa chake foda yanu ya 6 GB yalowa: m'menemo muli zithunzi mazanamazana, chilichonse mwina 8 MB kapena 10 MB, palibe chimene chikuyandikira malirewo. Mukhoza kudzadza fulashi yonseyo ndi mafayilo asanu ndi awiri a 3.9 GB, osamva dandaulo lililonse. Koma imodzi ya 4.1 GB ikanidwa.

Za fulashi yachinyengo zimene anena aBanda zilipodi, ndimakumana nazo pa benchi yanga pafupifupi sabata iliyonse, koma zizindikiro zake ndi zina. Yachinyengo sikana. Imalandira chilichonse mwaulemu, mzere wobiriwira uja umayenda mpaka kumapeto, inu n'kuchotsa fulashi mtima uli m'malo. Mumadzazindikira mawa pamene mafayilo akukana kutseguka, kapena mafoda asanduka maina a zilembo zosawerengeka. Yanuyi yakana poyera isanalandire kanthu, ndipo yanena chifukwa chake. Ngati mukufunabe kutsimikiza, pali kapulogalamu kaulere kotchedwa H2testw, kamadzadza malo onse otsala kenako n'kuwerenganso kuti kaone ngati zimene kanalemba zilipodi. Pa 32 GB kamatenga nthawi ndithu, muzikayambitsa mukupita kukadya.

aBanda:
Chabwino akulu, ndavomera kuti mwina si yachinyengo. Koma za FAT32 ndikuzidziwa inenso. 32 ameneyo amatanthauza 32 GB, ndiye kuti imagwira ntchito mpaka pa fulashi ya 32 GB basi. Ndinayesapo kufomata ya 64 GB, FAT32 sinapezeke n'komwe pa mndandanda. Ndiye za 4 GB zikuchokera pati?

aNkhoma (Limbe):
Zimene munaonazo n'zoona aBanda, koma chifukwa chake si chimenecho. Zenera la Format la pa Windows ndi limene limabisa FAT32 fulashi ikaposa 32 GB. Anachita kusankha okha a Microsoft kuti likhale choncho. FAT32 payokha imatha kugwira chipangizo chachikulu mpaka 2 TB, ndipo alipo mafulashi a 64 GB amene amabwera ali kale pa FAT32 kuchokera ku fakitale. 32 wa m'dzinalo akunena za mabiti, osati ma GB. Zangochitika kuti manambala awiriwa afanana, ndipo asokoneza anthu ambiri.

Tsono za 4 GB. Ndifotokoze ndi chinthu chimene tonse tinachionapo. Ganizirani mosungira chimanga, nyumba yaikulu, matumba akulowa. Pakhomo pali kalaliki ndi kaundula. Thumba lililonse likamalowa amalemba dzina la mwini wake, tsiku, pamene laikidwa, ndi kulemera kwake. Koma m'kaundulamo, danga lolembapo kulemera lili ndi timabokosi tiwiri tokha. Ndiye kuti nambala yaikulu imene angalembe ndi 99. Mubweretse matumba 500 a makilogalamu 50, onse alowa. Mubweretse chithumba chimodzi cha makilogalamu 120, kalaliki akubwezani, nyumba ili gwaa yopanda kanthu, chifukwa alibe polemba 120.

FAT32 ili ndi kaundula wotero. Fayilo iliyonse ili ndi mzere wake: dzina, tsiku, pamene yayambira pa fulashi, ndi kukula kwake m'mabayiti. Danga la kukula lili ndi timabokosi 32, ndipo m'kabokosi kalikonse mumalowa 0 kapena 1 basi. Timabokosi timeneti ndiye mabiti. Kabokosi kamodzi kamapereka manambala awiri, tiwiri timapereka anayi, titatu asanu ndi atatu, kumangowirikiza kawiri. Pofika pa timabokosi 10 muli pa 1,024. Pa 20 mwadutsa miliyoni imodzi, pa 30 mwadutsa biliyoni imodzi. Pa 32 muli pa 4,294,967,296. Poti kuwerenga kumayambira pa ziro, nambala yomaliza kulembeka ndi 4,294,967,295. Vidiyo ya aMbewe ili ndi mabayiti pafupifupi 10 biliyoni. M'timabokosi 32 nambala imeneyo silowa.

Nabanda (Kasungu):
Ine ndimaphunzitsa masamu ku sekondale, ndipo kufotokoza kumeneku ndakumva bwino kwambiri. Koma ndili ndi funso aNkhoma. Anthu amene anapanga zimenezi sanaone kuti danga lachepa? Bwanji sanangoika timabokosi 40?

aNkhoma (Limbe):
Aphunzitsi, tiyang'ane nthawi imene zinapangidwa. FAT inayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, nthawi ya madisiki ofewa aja. FAT32 inatuluka mu 1996, pa Windows 95 yokonzedwanso. Nthawi imeneyo makompyuta ambiri a m'nyumba ndi m'maofesi hadi yawo yonse sinkafika 4 GB. Kunena kuti fayilo imodzi idzaposa hadi yathunthu kunali ngati kulota. Ndiponso danga la kukula lija sanalikhudze popanga FAT32, analitenga momwe linalili pa FAT yakale. Chimene anakulitsa ndi tebulo losonyeza zigawo za disiki, kuti madisiki akuluakulu azigwira, ndipo 32 wa m'dzina uja akuchokera ku tebulo limenelo. Ndiye pali ma 32 awiri a mabiti, wina wa dzina, wina wa malire a fayilo, kuphatikiza 32 GB wa aBanda wachitatu.

Kuwonjezera timabokosi lero sikungatheke popanda kuswa zonse. Tivi iliyonse, wailesi ya m'galimoto iliyonse, kamera, makina osindikizira, zonse zinaphunzitsidwa kuti mzere wa kaundula ndi wautali mwakuti, kukula kwa fayilo kuli pamalo akuti. Mukasuntha danga limodzi, zipangizo zonsezo ziyamba kuwerenga zolakwika. N'chifukwa chake a Microsoft anangopanga kaundula watsopano mu 2006, dzina lake exFAT, amene danga lake la kukula lili ndi timabokosi 64. Malire ake palibe vidiyo ya ukwati imene ingawafike. Koma opanga mafulashi ang'onoang'ono akupitirizabe kuwatulutsa ali pa FAT32, chifukwa ndi chinenero chokhacho chimene pafupifupi chipangizo chilichonse chimamva.

aMwale:
Madala, zonsezi n'zazitali. AMbewe, ingoikani vidiyoyo mu zipu, ichepa, ilowa. Ine malipoti a kuntchito ndimatero nthawi zonse.

Wophunzira wa ku Mzuzu:
Pepani aMwale, pa vidiyo zipu sithandiza. Malipoti amachepa chifukwa m'zolembalemba muli zobwerezabwereza zambiri. Vidiyo ya MP4 inafinyidwa kale pamene imatuluka mu pulogalamu. Ya 9.3 GB mukaiika mu zipu ituluka mwina 9.2 GB, ndipo ikadali fayilo imodzi, ikanidwanso.

Chimene chimatheka ndi kuidula ndi pulogalamu ya 7-Zip. Pa zenera lake pali bokosi lolembedwa Split to volumes, bytes, ndipo pa mndandanda wake pali 4092M - FAT, anaikiratu chifukwa cha vuto lomweli. Imatulutsa zidutswa zothera ndi .001, .002, .003. Koma zidutswa zimenezo sizioneka pa tivi. Ndi zonyamulira chabe, wolandirayo ayenera kukhala ndi kompyuta ndi 7-Zip kuti azilumikizenso. Kwa agogo a ku Jali sizithandiza.

Ndiwonjezere zimene zinandichitikira ine. Laputopu yanga ili pa Ubuntu. Kumeneko sinandichenjeze poyamba ngati momwe Windows yachitira kwa aMbewe. Inayamba kukopera, ndinadikira mphindi zambiri, kenako itafika pa 4 GB inaima n'kulemba File too large. Pa fulashi panatsala fayilo ya dzina lomwelo, yooneka ngati yabwinobwino, koma yoduka. Ndikanapanda kuwerenga uthengawo ndikanapita nayo choncho. Ndiye mukaona fayilo pa fulashi kukula kwake kuli ndendende mabayiti 4,294,967,295, dziwani kuti ndi yodulidwa mchira.

aMbewe (Chinamwali):
Zikomo nonse, tsopano ndamvetsa chimene chikuchitika. Ndiye ndichite chiyani usiku uno? Ndifomate?

aBanda:
Fomatani muike NTFS, nkhani yatha. Ine mafulashi anga onse ali pa NTFS.

aNkhoma (Limbe):
NTFS, kaundula wina wa Windows, ichotsadi malire a 4 GB, aBanda sakunama. Njira zilipo ziwiri zosinthira kaundula, ndipo iliyonse ili ndi mtengo wake.

Yoyamba ndi kufomata. This PC, batani la kumanja pa fulashi, Format, pa File system musankhe exFAT kapena NTFS, Quick Format isiyeni yochongedwa, kenako Start. Zimatenga masekondi ochepa. Koma zonse zimene zili pa fulashi zipita, ndiye zithunzi za 6 GB zija mutsimikize kuti zikadalipo pa laputopu. Ndipo chonde yang'anitsitsani chilembo cha fulashiyo musanadine. Chotsani hadi ina iliyonse imene mwalumikiza. Ndinalandirapo munthu pa shopu ali ndi misozi, anafomata hadi ya ntchito zake za zaka zitatu poganiza kuti ndi fulashi, chifukwa zonse ziwiri zinali zolumikizidwa.

Yachiwiri ndi yosafufuta kanthu, koma imapita ku NTFS kokha. Tsegulani Command Prompt ngati Administrator, mulembe izi, E ikhale chilembo cha fulashi yanu:

```
convert E: /fs:ntfs
```

Ngati fulashi ili ndi dzina, ikufunsani kuti mulilembe. Ikatha, zithunzi zikhalapobe. Komabe sungani kope kwina musanayambe, magetsi athu mukuwadziwa, ndipo fulashi ikagwedezeka pakati pa ntchito imeneyi zinthu zimaonongeka. Dziwaninso kuti njirayi ilibe pobwerera: kuchoka pa NTFS kubwerera ku FAT32 ndi kufomata basi.

Pakati pa ziwirizi, pa kompyuta ndi kompyuta ine ndimakonda exFAT, chifukwa Windows ndi Mac zonse zimawerenga ndi kulemba. NTFS pa Mac imangowerengeka, kulembapo ayi, pokhapokha mutaika pulogalamu ina. Koma funso lalikulu silinafunsidwe: vidiyoyi akukaionera pa chiyani?

aMbewe (Chinamwali):
Akulu, ndinathamanga ndisanawerenge mzere wanu womaliza. Ndafomata kale ku exFAT, vidiyo yalowa yonse, yatenga mphindi 25, ndipo pa laputopu ikusewera kuchokera pa fulashi mpaka kumapeto. Ndinasangalala. Kenako ndati ndiyese pa tivi ya pabalaza pano. Tivi sikuiona n'komwe fulashiyo, ikungolemba kuti palibe chipangizo. Kale fulashi za nyimbo imawerenga bwinobwino. Ndaimbira mkwati, akuti kwa agogo kuli kativi kakang'ono ka sola, kakalekale kuposa yangayi. Ndabwerera pomwe ndinayambira.

Nachisale:
Iii pepani mwanawe. Bwanji osangowatumizira pa WhatsApp aonere pa foni?

aMbewe (Chinamwali):
Amayi, 9.3 GB singadutse pamenepo, ndipo ngakhale ikanadutsa, bandulo yake ndani angagule? Komanso akufuna banja lonse likhale pansi lionere limodzi.

aMwale:
Zimenezi ndimazidziwa pa wailesi ya m'minibasi yanga. Ndinagula fulashi ya 64 GB kuti ndiikemo nyimbo zambiri, wailesi inakana kuiwerenga. Yakale ya 8 GB imawerenga. Ndinkaganiza kuti wailesiyo siitha kunyamula fulashi yaikulu. Kodi mwina ndi nkhani yomweyi?

aNkhoma (Limbe):
AMwale, n'kutheka kwambiri. Mafulashi ambiri a 64 GB amabwera pa exFAT, ndipo mawailesi ambiri a m'galimoto amamva FAT32 yokha. Yang'anani pa Properties monga anachitira aMbewe. Ngati ndi exFAT, kuiika pa FAT32 kukhoza kuthetsa vutolo, ndipo kwa inu malire a 4 GB alibe kanthu poti nyimbo ndi timafayilo tating'ono. Kungoti zenera la Format silikupatsani FAT32 pa 64 GB, pafunika pulogalamu ina yofomatira. Sindikulonjeza, chifukwa mawailesi ena ali ndi malire awoawo pa kukula kwa fulashi kapena kuchuluka kwa nyimbo.

AMbewe, apa ndiye pagona nkhani yonse. Kusintha kaundula kumasangalatsa kompyuta, koma tivi ili ndi kaubongo kakang'ono kamene kanaphunzitsidwa ku fakitale, ndipo sikaphunziranso. Pa zimene ndaona ine, pafupifupi tivi iliyonse yokhala ndi bowo la fulashi imawerenga FAT32. Zambiri ndithu zimawerenganso NTFS. Zakale ndi zotsika mtengo zambiri exFAT siziidziwa. Kativi ka kwa agogo simungakayese muli ku Chinamwali, ndiye musachite juga ndi ukwati wa anthu. Bwezerani fulashi pa FAT32, poti ndi ya 32 GB Windows ikulolani, ndipo vidiyoyo muidule kuti chidutswa chilichonse chikhale pansi pa 4 GB, koma chikhale vidiyo yoseweredwa payokha.

Tiwerengere limodzi. 9.3 GB pa mphindi 100, ndiye kuti mphindi iliyonse ikudya pafupifupi 0.093 GB. Kuti mufike pa 4 GB ndi mphindi 43. Musayandikire m'mphepete, chifukwa malo ovina ndi ogwedezeka amadya kwambiri kuposa pamene abusa akulalikira kamera ili chilili. Mukadula pa mphindi 30 zilizonse, chidutswa chikhala cha pafupifupi 2.8 GB. Mupeza zitatu zotero ndi kamodzi ka mphindi 10. Ngati muli ndi pulogalamu ya ffmpeg, lamulo lake ndi ili:

```
ffmpeg -i ukwati.mp4 -c copy -f segment -segment_time 1800 -reset_timestamps 1 ukwati_%02d.mp4
```

1800 ndi masekondi a mphindi 30. Mawu akuti -c copy akutanthauza kuti sikukonzanso chithunzi, ikungodula, ndiye kuwala kwa vidiyo sikutsika ngakhale pang'ono ndipo zimatha m'mphindi zochepa. Zidutswa sizikhala ndendende mphindi 30, zimasiyana ndi timasekondi, chifukwa imadikira malo oyenera kudulapo.

Nabanda (Kasungu):
Ine za malamulo olembawo sindizidziwa, koma ndiyankhule ngati munthu woonera. Ukwati wa mchemwali wanga anatipatsa wodulidwa motero, ndipo unadukira pakati penipeni pa malumbiro, mkwati atangoyamba kuyankha. Amayi anakhumudwa kwambiri, ankaganiza kuti mbali ina yatayika. AMbewe, poti vidiyoyo mwaikonza nokha, bwanji osadula pamene mwambo ukusinthira? Kutchalitchi payokha, kojambulitsa zithunzi payokha, kuholo payokha.

aNkhoma (Limbe):
Aphunzitsi anena zanzeru kuposa lamulo langa lija. Makina amadula poyang'ana wotchi, sadziwa malumbiro. AMbewe, ngati ntchitoyo ikadali mu pulogalamu yokonzera, tulutsani zigawo nokha. Ingokumbukirani nambala ija: pa kakonzedwe kanu, chigawo chisapitirire mphindi 40, ndipo mukatulutsa muyang'ane kukula kwake musanakopere. Maina muyambe ndi 01, 02, 03 kuti pa tivi zisanjike mwadongosolo.

Wophunzira wa ku Mzuzu:
Pa kuyang'ana kukulako pali kamsampha kena. Windows ikalemba 4 GB imawerenga mabayiti 1,073,741,824 pa GB iliyonse. Mac imawerenga 1,000,000,000. Ndiye fayilo imene Mac ikuti 4.2 GB, Windows iti 3.91 GB, ndipo ilowa pa FAT32 bwinobwino. Ine ndimangoyang'ana nambala yaitali ya mabayiti imene ili pa Properties, pa mzere wa Size. Ikakhala pansi pa 4,294,967,295 ilowa.

Komanso njira ina ilipo, aMbewe. Mukhoza kuifinya vidiyo yonse ndi pulogalamu ya HandBrake kuti ikhale fayilo imodzi ya 3.7 GB. Panopa ili pa mamegabiti pafupifupi 13 pa sekondi. Mukaitsitsa kufika pa 5, ya mphindi 100 ikwana pansi pa malire. Pa kativi kakang'ono palibe adzaone kusiyana.

aBanda:
Ayi mphwanga, pamenepo sindikuvomereza. Anthu alipira ndalama zawo kuti alandire chithunzi chowala. Lero akuonera pa kativi ka sola, koma zaka zisanu zikubwerazi adzagula tivi yaikulu, adzaona nkhope zosaoneka bwino nthawi ya perekaniperekani pamene aliyense akuvina ndipo ndalama zikuuluka. Ukwati sabwereza. Ine ndikanaika NTFS n'kupereka fayilo yathunthu. Tivi yanga imawerenga NTFS, ya mlamu wanganso imawerenga.

Wophunzira wa ku Mzuzu:
Tivi ziwiri si tivi zonse, achimwene. Koma pa zofinya mwanena zoona, chithunzi chimatsikadi, makamaka pamalo ogwedezeka. Komanso pa laputopu yofooka kufinya mphindi 100 kukhoza kutenga usiku wonse.

aNkhoma (Limbe):
Nonse awiri muli ndi mfundo. Ine pa shopu ndimauza ojambula kuti fayilo yathunthu aziisunga okha pa hadi, ndipo kasitomala wofuna azimupatsa pa fulashi yachiwiri ya exFAT yosungira, pomwe yoonera pa tivi ikhale ya FAT32 ya zigawo. Ena amati n'kuwonjezera mtengo pachabe. Mwina. Koma kudula ndi -c copy kapena kutulutsa zigawo sikutsitsa chithunzi, ndiye dandaulo la aBanda silikhudza njira imeneyo.

Mwa njira, aMbewe, vutoli mwakhala mukukumana nalo osadziwa. Ngati kamera yanu imagwiritsa khadi ya 32 GB kapena yocheperapo, munaonapo kuti mukajambula ulaliki wautali osaimitsa, pa khadi mumapeza mafayilo awiri kapena atatu m'malo mwa imodzi? Makhadi olembedwa SDHC amakhala pa FAT32, ndiye kamera imadula yokha isanafike pa 4 GB n'kuyamba fayilo ina. Olembedwa SDXC, a 64 GB kupita m'mwamba, amakhala pa exFAT, ngakhale makamera ena amadulabe mwa chizolowezi.

aMbewe (Chinamwali):
Zoonadi akulu! Nthawi zonse ulaliki umabwera m'zidutswa, ndipo ndinkaganiza kuti kamera ikutentha n'kumadziimitsa. Ndinatsala pang'ono kuigulitsa chifukwa cha zimenezo.

Ndikuuzeni pamene ndafika. Ndabwezera fulashi pa FAT32. Ndatulutsa zigawo zitatu monga ananenera aphunzitsi: 01 kutchalitchi, mphindi 38, yatuluka 3.4 GB. 02 kojambulitsa ndi ulendo wa magalimoto, mphindi 17, 1.6 GB. 03 kuholo inali mphindi 45 ndipo inatuluka 4.3 GB, fulashi inaikana ndi uthenga womwe uja. Ndaidulanso pawiri, pamene akwati amaliza kudula keke, perekaniperekani isanayambe. Tsopano zigawo zilipo zinayi, zonse zalowa pamodzi ndi zithunzi, ndipo tivi ya pabalaza yaiona fulashi n'kusewera zonse.

Chatsala chimodzi chikundidetsa nkhawa. Pa chigawo cha 01, ndikathamangitsa kutsogolo ndi rimoti, tivi ikumaima kaye masekondi angapo, nthawi zina mawu akumatsalira m'mbuyo. Zigawo zinazo sizikutero. Kodi ndi FAT32 yomweyo?

aNkhoma (Limbe):
Sindikuganiza kuti ndi FAT32, poti fayilo yalowa yathunthu ndipo ikusewera. Ikhoza kukhala tivi imene ikulemedwa ndi fayilo yaikulu, chifukwa zina zimavutika fayilo ikaposa 2 GB, kapena ndi momwe pulogalamu yanu yatulutsira mawu. Ndili kuno sindingasiyanitse. Zigawo ziwiri za kuholo zatuluka zazikulu bwanji? Ngati zili cha m'ma 2 GB ndipo sizikuvuta, yesani kudula 01 pawiri, pamene ulaliki wathera, muone ngati kuimako kutha.

aBanda:
Kapena ndi fulashi yochedwa kuwerenga. Mwati 9.3 GB inatenga mphindi 25 kulowa, imeneyo si fulashi yothamanga. Musanapereke yesani kukopera 01 pa fulashi ina muone ngati ichitenso chimodzimodzi.

aMbewe (Chinamwali):
Za kuholo imodzi ndi 1.9 GB, ina 2.4 GB, ndipo zonse zikuthamangitsika bwino. Fulashi ina ndilibe pano, yanga ndinabwereketsa. Magetsi angozima kumene, laputopu yatsala ndi 30 peresenti, sikwanitsa kutulutsanso chigawo. Akayaka m'bandakucha ndidula 01 pawiri ndiyesenso. Mkwati ndamuuza kuti abwere 3 koloko m'malo mwa 12, ndipo ndamupempha afunse kumudzi dzina la kativi kaja ndi manambala olembedwa kumbuyo kwake.

aMwale:
Ine ndayang'ana yanga ya 64 GB ija pa kompyuta ya mwana wa mlongo wanga, palembedwadi exFAT. ANkhoma, pulogalamu yofomatira ku FAT32 munanena ija dzina lake ndi chiyani? Ndipo nyimbo zili m'menemo ndiyambe ndazisamutsa kaye?